Bambo wamkulu akudzaza gulu la banki m'khonde ndi zofowada, ndiwauze bwanji?

Nachisale: Mwaswera bwanji alembi anzanga. Ndithandizeni maganizo. Ku banki m'khonde yathu tilipo anthu 25, ndipo ine ndine mlembi komanso adimini wa gulu lathu la WhatsApp. Gululo tinalitsegulira zinthu zitatu basi: kulengeza misonkhano, kukumbutsana za ngongole, ndi kuti munthu akatumiza masheya kapena kubweza ngongole pa Airtel Money kapena Mpamba aziponya uthenga wotsimikizira kuti ine ndilembe m'buku. Ndiye pali bambo ena achikulire, mmodzi mwa amene anayambitsa bankiyi. M'mawa uliwonse amaponya zithunzi za maluwa ndi mavesi, masana makanema a ndale, usiku mankhwala a shuga ndi zina zotero. Zonse zili ndi kachizindikiro ka Forwarded pamwamba. Sabata yatha ndinalengeza kuti msonkhano wasintha kuchoka Loweruka kupita Lamulungu chifukwa cha maliro. Uthengawo unakwiririka pansi pa makanema, amayi atatu anabwera Loweruka n'kupeza palibe munthu. Mayi wina ndinamulembera chindapusa cha K2,000 chochedwa kubweza, chonsecho anatumiza pa nthawi yake, uthenga wake unali pakati pa zithunzizo. Anthu ayamba kundidandaulira kumbali. Koma bambowa ndi a msinkhu wa bambo anga ondibereka, sindikufuna kuwachititsa manyazi. Ndalemba izi kuti ndiponye pagulu, mundiuze ngati zili bwino: "Mamembala ena akutumiza zinthu zosagwirizana ndi gulu lino. Chonde tisiye mchitidwe umenewu, apo ayi tichitapo kanthu."

Yamikani: Asisi, musavutike ndi kulemba. Adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu aliyense. Dinikizani uthengawo, musankhe Delete for everyone, basi. Akaponya inu mukufufuta, akaponya inu mukufufuta, atopa okha.

Bambo Gondwe: Yamikani, mphamvuyo ilipodi, koma siyifufuta mwakachetechete. Pamalo pamene panali uthengawo pamatsala mawu oti This message was deleted by admin, ndi dzina la adiminiyo pomwepo, ndipo pamaonekanso kuti unali uthenga wa ndani. Ndiye taganizani anthu 25 akudzuka n'kupeza mizere isanu ndi umodzi yotsatizana yonena kuti Nachisale wafufuta za bambo uje. Kumeneko n'kuwadzudzula pagulu popanda ndi kuwauza komwe chifukwa chake.

Yamikani: Zadzinalo sindimadziwa kuti aliyense amaliona. Ndimayesa amaona adimini yekha.

Bambo Gondwe: Amaona onse. Tsopano za uthenga mwalembawu, mayi Nachisale. Ndifunse kaye: kupatula bambowa, alipo wina amene amaponya zofowada pagulupo?

Nachisale: Apo ndi apo atcheya amaponya nyimbo ya kwaya Lamulungu. Koma zatsiku ndi tsiku ndi iwowa okha.

Bambo Gondwe: Ndiye mawu oti "mamembala ena" sakubisa munthu. Aliyense adziwa kuti mukunena ndani, ndipo mwiniwake adziwa kuti aliyense wadziwa. Zimapweteka kuposa kutchulidwa dzina, chifukwa munthu sangayankhe n'komwe: akayankha wadziulula, akakhala chete wavomera mlandu pamaso pa anthu. Chinanso chimene ndaona kawirikawiri m'magulu amene ndimayang'anira n'chakuti uthenga wotere umagwera anthu olakwika. Mayi amene anaponyapo kamodzi chithunzi cha ukwati wa mwana wake ndi amene amabwera kudzapepesa, pomwe wolakwa weniweni akuganiza kuti mavesi ake sali m'gulu la "zosagwirizana". Komanso "tichitapo kanthu" n'chiyani? Mwaopseza musanapemphe.

Nangozo: Ine ndiye ndikuona ngati tikuzungulira. Gulu ndi la ndalama za anthu. Achotseni, ndipo zolengeza muziwatumizira paokha. Ukulu si chifukwa choti amayi aziwononga ndalama ya minibasi ulere.

Amayi a Tadala: Anangozo, ndikupempheni mumve kaye za ine. Zinandichitikirapo, ineyo ndiye ndinali wofowadayo. Linali gulu la makolo kusukulu ya mwana wanga. Foni ya WhatsApp ndinali nditangoigula kumene, ndipo chilichonse chimene chinandikhudza mtima ndimati anzanga achionenso. Palibe anandiuzapo kanthu, ine ndimayesa anthu akusangalala nazo. Tsiku lina adimini anayankha pansi pa kanema wanga, pagulu pomwepo, kuti "Mayi, kuno si kumsika." Anthu anaika timitu toseka. Ndinakhala pansi pakhonde thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja, ndikuwerenga mayina a anthu amene aseka, ena oti timapemphera nawo limodzi. Sindinalembenso kanthu pagulu lija mpaka mwana anamaliza sitandade 8. Ngakhale kumsonkhano wa makolo ndinkatuma bambo ake. Akanandiimbira foni mphindi ziwiri zokha ndikanasiya tsiku lomwelo, ndipo ndikanawathokoza.

Nangozo: Pepani amayi, zimenezo zinali zachipongwe ndithu. Koma ine sindikunena zowanyoza.

Amayi a Tadala: Ndikudziwa. Koma kuchotsa nakonso kumalembedwa pagulu kuti uje wachotsa uje. Ndipo Loweruka likubweralo bambowo adzakhala pa mpando womwewo, mlembi ali apo ndi buku lake. Banki m'khonde si gulu la anthu osadziwana.

Bambo a Dalitso: Moni nonse kuchokera kuno ku Joni. Nkhani imeneyi ndi yoopsa. Malinki amene amati dinani apa mulandire deta yaulere ndi akuba amenewo. Ngati foni ya bambowo yayamba kutumiza zinthu yokha, ndiye kuti yabedwa akaunti. Auzeni ayike Two-step verification msanga. Komanso kwathuko kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, anthu asamaseweretse zofalitsa mauthenga.

Nachisale: Ayi bambo a Dalitso, akaunti siyinabedwe, akutumiza okha. Kumsonkhano amafunsa kumene kuti "munaonera kanema uja ndinatumiza?"

Bambo a Dalitso: Oo, chabwino. Komabe za lamulozo muwatchulire, amva msanga.

Bambo Gondwe: Ine za lamulo sindingazilowetsemo. Munthu watumiza maluwa ndi vesi, inu n'kumutchulira lamulo la boma, amva ngati mukumuopseza ndi apolisi. Zikanakhala kuti akuipitsa mbiri ya munthu kapena akuponya linki ya akuba, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndiye pofufuta nthawi yomweyo osadikira, chifukwa wina akhoza kuberedwa ndalama. Koma funso amafunsa kumsonkhano lija likutiuza zambiri. Bambowa sakudziwa kuti akusokoneza. Iwo akuganiza kuti akuthandiza gulu.

Yamikani: Mwinanso sakusankha n'komwe gulu lanulo. Munthu akadina Forward pamabwera mndandanda wa amene amacheza nawo pafupipafupi, akuluakulu ambiri amangodinadina magulu asanu apamwambawo n'kutumiza.

Bambo Gondwe: Asanuwo ndi oona, munthu angatumize kumacheza asanu nthawi imodzi. Koma ngati uthengawo naye anachita kulandira wofowada, pa asanuwo gulu limaloledwa limodzi lokha. Ndipo ukakhala ndi mivi iwiri ija ndi mawu oti Forwarded many times, umapita kumalo amodzi basi pa nthawi. Ndiye ngati zikufika pagulu la banki tsiku ndi tsiku, bambowa akulisankha dala. Mayi Nachisale, kodi kunyumba amakhala ndi ndani?

Nachisale: Mayi akunyumba anatisiya chaka chatha. Ana ali kutali. Ndipo mukunena zoona, zofowadazi zinachuluka maliro atatha.

Amayi a Tadala: Mwaonatu. Amenewo ndi moni wawo wa m'mawa.

Nangozo: Tationetsani sikirinishoti tione kuchuluka kwake.

Nachisale: Pepani Anangozo, imeneyo sinditumiza. Pali dzina ndi nambala yawo, ndipo ena muno mukhoza kuwadziwa. Ndanena kale zambiri.

Bambo Gondwe: Mwachita bwino. Tsono alembereni paokha, osati pagulu. Chenjezo limodzi: mukafuna kugwiritsa ntchito Reply privately pa uthenga wawo, yang'anani pamwamba pa sikirini kuti palidi dzina lawo musanatumize. Reply wamba ali pafupi pomwepo, ndipo anthu ambiri aponyapo pagulu zimene amafuna kunena kumbali. Kuli bwino kungobwerera ku mndandanda wa macheza, n'kutsegula macheza a iwo okha. Yesani kulemba tione.

Nachisale: Nayi: "Mwadzuka bwanji bambo. Choyamba ndikuthokozeni chifukwa cha mauthenga abwino amene mumatitumizira, amatilimbikitsa kwambiri ndipo timaphunzirapo zambiri. Pepani kwambiri kukuvutitsani, ine ndine mwana, koma anthu ena akhala akudandaula kuti mwina zikuchulukirako pang'ono. Ngati n'kotheka mwina muzichepetsako. Pepani ngati ndalakwitsa."

Amayi a Tadala: Ulemu ulimo, koma ine ndikanalandira umenewu ndikanagona ndikuwerenga anthu pa zala kuti odandaulawo ndi ndani. Mawu oti "anthu ena akudandaula" achotseni. Akuwauza kuti akhala akukambidwa kuseri.

Bambo Gondwe: Ndikugwirizana nawo. Palinso zina ziwiri. Mwayamba ndi kuwauza kuti mauthenga awo amakulimbikitsani, chonsecho mukufuna asiye. Munthu akhoza kuwerenga mzere woyambawo n'kumva kuti apitirize. Ngati mukufuna kuyamika, yamikani chinthu choona, monga kuti ndi iwo anayambitsa banki. Kachiwiri, "muzichepetsako" mulibe muyeso. Amene amatumiza khumi akatumiza zisanu ndi chimodzi wachepetsa, inu mukadali pamavuto, ndipo mudzafunika kubweranso kachiwiri, pamene pamakhala powawa kwambiri. Nenani chimene chinachitika, chimene mukupempha, ndi kumene angamatumize zinthu zawozo. Ndipo pempho likhale lanu, inuyo mlembi, chifukwa ndinu amene mukuvutika ndi buku.

Nachisale: Za amayi atatu aja ndi chindapusa chija ndizitchule? Ndikuopa angamve ngati ndikuwaimba mlandu.

Bambo Gondwe: Tchulani chimodzi, popanda mayina. Popanda chitsanzo, pempho lanu lioneka ngati mwangodana ndi mavesi. Ine ndingasankhe cha chindapusa, chifukwa munthu amene anayambitsa banki amadziwa kulemera kwa buku lolakwika. Koma munene kuti uthenga wa ndalama unasowa pakati pa mauthenga ambiri, osati kuti inu bambo munasowetsa.

Nachisale: Ndayesanso: "Mwadzuka bwanji bambo. Ndili ndi pempho ngati mlembi, ndipo ndalemba kwa inu nokha, palibe wina pagulu akudziwa. Sabata yatha uthenga wotsimikizira ndalama wa membala wina unasowa pakati pa mauthenga ambiri, moti ndinamulembera chindapusa asanalakwe. Kuti buku lisasokonekerenso, ndikupempha kuti pagulu la banki tiziikapo za misonkhano, masheya ndi ngongole zokha. Mavesi, makanema ndi zina zofowada muzinditumizira ine kuno, kapena muziika pa Status kuti ofuna aziona. Inu ndi amene munatiyambitsira banki imeneyi, ndiye ndinaona kuti ndiyambe kulankhula ndi inu ndisanakambe za malamulo a gulu kumsonkhano. Zikomo bambo."

Yamikani: Uwu ndiye wamveka. Koma asisi mwadziputira, foni yanu idzadza.

Nachisale: Ndithana nazo. Ndinatseka kale zoti makanema azilowa okha, ku Storage and data, ndiye bandulo siyingathe.

Amayi a Tadala: Koma mukawauza kuti azitumiza kwa inu, muziyankhako nthawi zina, ngakhale "ameni bambo". Mukangokhala duu adzadziwa kuti munangowapatutsa. Ngati simungathe, chotsani mzere umenewo, musalonjeze.

Bambo Gondwe: Mzere wina woti muuyang'anenso ndi uwu woti "palibe wina pagulu akudziwa". Ndi zoona? Atcheya simunawauze?

Nachisale: Sindinawauze. Odandaula aja anabwera okha, koma zoti ndikulemba uthenga sakudziwa.

Bambo Gondwe: Ndiye usiyeni, koma muusunge. Tsiku limene wina adzati kumsonkhano "paja mlembi anakulankhulani", zonse mwamangazi zagwa.

Nangozo: Ine chikundivuta ndi china. Kwathu kuno ku Ntcheu mwana wamkazi salembera bambo wamkulu uthenga womuuza chochita, ngakhale ulembedwe bwino chotani. Amatuma munthu wa msinkhu wawo. Bwanji osapempha atcheya kapena mkulu mnzawo akacheze nawo?

Amayi a Tadala: Pamenepo mwanena zoona, koma mkhalapakatiyo ndi munthu winanso amene wadziwa. Ine ndikanakonda kumva kwa adimini mwiniwake.

Nangozo: Inu ndinu mayi, ndipo adimini wanu anali msinkhu wanu. Abambo achikulire ena zimawavuta kuuzidwa ndi mwana.

Bambo Gondwe: Zimatengera munthu wake, ndipo amene akuwadziwa ndi mayi Nachisale. Njira yapakati ilipo: aimbireni foni kaye, kapena mukawaone kunyumba ngati kuli pafupi, munene ndi pakamwa zomwe mwalembazi. Mawu a pakamwa amanyamula ulemu umene zilembo sizinyamula, ndipo mukhoza kumva pomwepo ngati zawakhudza. Uthenga wolembawo utsatire pambuyo, waufupi, wongothokoza kuti mwamvana. Nthawi yakenso muisankhe. Musatumize patangopita mphindi ziwiri iwo ataponya kanema, zimaoneka ngati mwapsa mtima. Musatumizenso usiku, munthu wokhala yekha amagona nazo.

Yamikani: Nanga bwanji kungotseka gulu ku Group permissions kuti azilemba ma adimini okha? Palibe amene angakhumudwe.

Nachisale: Ndiye mauthenga a ndalama azidzera kuti? Anthu amafuna aziponya pagulu kuti aliyense aone kuti uje wabweza. Umboni wake ndi umenewo.

Yamikani: Zoona. Pa Telegram ndiye adimini amatha kuletsa munthu mmodzi yekha kutumiza makanema, koma pa WhatsApp palibe zimenezo, ndi onse kapena palibe. Chimene mungachite pano n'kupanga Pin uthenga wa msonkhano kuti uzikhala pamwamba. Mumasankha maola 24, masiku 7 kapena masiku 30.

Nachisale: Chimenecho ndichita lero lomwe, zikomo achimwene. Bambowa ndiwaimbira mawa chakumasana.

*Lachisanu*

Nachisale: Ndabweranso. Ndinawaimbira Lachitatu. Tinayamba ndi za chimanga chawo, kenako ndinanena monga tinakonzera muja. Anakhala chete kanthawi, n'kufunsa kuti "ndi ndani wadandaula?" Ndinati ine ndi amene ndikupempha chifukwa cha buku. Anati "ndamva mwanangu", n'kutsanzika. Ndinatumiza kauthenga kothokoza, anawerenga koma sanayankhe. Dzulo lonse pagulu panalibe kanthu, kwa inenso sanatumize kalikonse. Mtima wanga suli m'malo.

Amayi a Tadala: Asiyeni apume. Manyazi amakhalapo ndithu ngakhale munthu umuuze bwino chotani, kusiyana kwake n'koti awa akuwamva ali okha. Musawalemberenso zopepesa, mungafafanize pempho lanu. Mawa kumsonkhano muwapatse moni monga mwa masiku onse, ndipo ngati pali funso la malamulo akale a banki muwafunse iwowo pamaso pa anthu.

Bambo Gondwe: Ndipo za malamulo a gulu musazibweretse mawa. Dikirani msonkhano wina, mudzazinene pamodzi ndi zina monga nthawi yotumizira ndalama, anthu avomereze onse, kenako mulembe mu Group description. Lamulolo likhudzenso nyimbo za kwaya za atcheya. Bambowa akadzaona kuti atcheya akuponya Lamulungu inu osanena kanthu, adzadziwa kuti lamulo linali la iwo okha.

Nangozo: Nanga akayambiranso sabata yamawa?

Bambo Gondwe: Kamodzi kokha ine ndimangokuona, chizolowezi sichitha tsiku limodzi. Zikabwerera mwakale, uthenga wachiwiri, kumbali komweko, waufupi kuposa woyamba ndipo wonena chimene chitsatire: "Bambo, paja tinamvana za gulu la banki. Zofowada zikabweranso ndizizichotsa kuti mauthenga a ndalama asasowe, ndiye ndati ndikudziwitseni kaye musadzadabwe." Mukatero, kufufuta kuja Yamikani ananena kumakhala ndi malo ake, chifukwa munthu wauzidwiratu. Zikapitirira pamenepo si nkhani ya adimini yekhanso, ndi ya komiti.

Nangozo: Ine ndikuonabe kuti mukanatuma mkulu mnzawo sakanafunsa zoti wadandaula ndani. Koma tione.

*Lolemba*

Nachisale: Kumsonkhano anabwera, masheya anagula, tinapatsana moni bwinobwino. Lamulungu m'mawa ananditumizira vesi kuno kwa ine, ndinayankha. Koma lero aponya pagulu uthenga wofowada wa maliro a mfumu ya kumudzi kwawo, yoti pagulu pathu palibe amene akuidziwa. Mayi wina wandilembera kale kumbali kuti "ayambiranso". Ine sindinafufute.

Amayi a Tadala: Musafufute. Uthenga wa maliro sufufutidwa, anthu angakuoneni ngati wopanda umunthu.

Yamikani: Koma mukalola amenewa, mawa wina aponya a mnzake wa kuntchito, mkuja wina a woyimba wotchuka.

Bambo a Dalitso: Kuno gulu lathu la anthu akumudzi tinagwirizana kuti maliro a membala, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo ndiwo olengeza pagulu, chifukwa ndi amene timasonkhera. Ena onse amapita pa Status.

Nangozo: Kumudzi kuno muyeso umenewo sungagwire. Mfumu ndi kholo la aliyense wa m'mudzimo.

Bambo Gondwe: Limeneli ndiye musaligamule nokha, mayi Nachisale, ndipo musawalembere bambowa za uthenga walerowu. Litengereni kumsonkhano ngati funso la onse: maliro ati alengezedwe pagulu la banki? Malamulo anu a thumba la zadzidzidzi amatchula kale achibale amene mumapepesera, mukhoza kuyambira pamenepo.

Nachisale: Amatchula mwamuna kapena mkazi, ana ndi makolo basi. Ndiliika pa mndandanda wa zokambirana za Loweruka la sabata yamawa. Nanga mayi wandilembera uja ndimuyankhe chiyani? Sindikufuna adziwe kuti ndinalankhula nawo kale.

Amayi a Tadala: Muuzeni kuti mwaona, ndipo za mauthenga a pagulu zikambidwa kumsonkhano. Dzina la bambowo musalitchule.